Kontena yakhalitsa padoko, katundu wanyowa: kalata iti, kwa yani, pofika liti

Katundu wobwera pa sitima yapamadzi akawonongeka, masiku amene amawerengedwa si a mtundu umodzi. Alipo masiku oti mudziwitse kampani ya sitima, alipo masiku amene inshuwalansi yanu ikugwirabe ntchito, ndipo chilipo chaka choti mukasumire kukhothi. Zinthu zikayenda bwino padoko, zitatuzi zimayamba pafupifupi sabata imodzi ndipo palibe amene amazisiyanitsa. Koma kontena ikakhala milungu isanu ndi iwiri ikudikira mzere, mapepala kapena a kasitomu, zimapatukana: masiku a inshuwalansi amakhala atatsala pang'ono kutha pomwe a kampani ya sitima sanayambe n'komwe. Anthu ambiri amataya ufulu wawo wolipitsa pa mpata umenewu, ngakhale katundu wawonongekadi ndipo wolakwa akudziwika.

Tiyerekeze nkhani imodzi ndipo tiyende nayo mpaka kumapeto. Mwaitanitsa makatoni 400 a zovala mu kontena imodzi, katoni iliyonse yolemera makilogalamu 10. Invoisi, kuphatikiza mtengo wonyamulira ndi wa inshuwalansi, ndi madola 40,000, ndipo mwateteza katunduyo pa madola 44,000, chifukwa chizolowezi cha malonda ndi kuwonjezera 10 pa 100 iliyonse. Kontena yatsitsidwa m'sitima pa 3 Malichi. Padoko pali khamu la makontena, ndipo yanu yatuluka pageti pa 24 Epulo. Lole yafika nayo kosungira katundu kwanu pa 28 Epulo. Mutatsegula, mwapeza makatoni 90 anyowa, ena ayamba nguwi.

Masiku a inshuwalansi ndi amene ayamba kale

Inshuwalansi yambiri ya katundu wapanyanja imalembedwa motsatira mfundo za msika wa ku London zomwe zimafupikitsidwa kuti ICC, ndipo zili m'magulu atatu: A, B ndi C. Zinatuluka mu 1982 n'kukonzedwanso mu 2009. Ndime 8 ya mfundozi imanena pomwe chitetezo chimathera. Chimatha katundu akatsitsidwa kosungira komaliza, kapena mukasankha kumusunga kwinakwake m'malo mopitiriza ulendo, kapena pakatha masiku 60 kuchokera pomwe watsitsidwa m'sitima padoko lomaliza. Chomwe chayamba kuchitika mwa izi ndi chomwe chimatseka chitseko.

Pa nkhani yathu, tsiku la 60 ndi 2 Meyi. Kontena yafika pa 28 Epulo, choncho mwapulumuka ndi masiku anayi okha. Ikanachedwa sabata inanso, chilichonse chochitika pamsewu pambuyo pa 2 Meyi chikanakhala chanu. Ndime yomweyo imati chitetezo chimapitirira pamene katundu wachedwa pa zifukwa zomwe inu simungazilamulire, ndipo anthu amawerenga mawu amenewo n'kugona mtima pansi. Kupitirirako kuli ndi malire, ndipo malire ake ndi masiku 60 omwewo.

Kalata yoyamba, tsono, siikhudza kuwonongeka ayi. Imalembedwa kontena idakali padoko, masiku akamayandikira 40 kapena 45, kupita kwa a inshuwalansi kapena kwa mkhalapakati amene anakugulitsani polise, chikalata cha mgwirizano wa inshuwalansiyo. Imanena tsiku lomwe katundu anatsitsidwa, chomwe chikuchedwetsa, tsiku lomwe mukuyembekeza kuti atuluka, ndipo imapempha kuti chitetezo chiwonjezedwe. Kawirikawiri amavomera mukalipira kandalama kowonjezera, koma sali okakamizidwa, ndipo masiku akatha kale nkovuta kuti avomere, chifukwa amaganiza kuti mwina mwamva kale za vuto. Chenjerani ndi chifukwa chochedwera. Ngati kontena yakhala padoko poti inu simunapeze ndalama za msonkho, kapena kosungira kwanu n'kodzaza, a inshuwalansi anganene kuti inu munasankha kusunga katundu padoko, ndipo chitetezo chinatha tsiku lomwe munasankha zimenezo, masiku 60 asanakwane.

Pageti, ndi masiku atatu

Mgwirizano wanu ndi kampani ya sitima uli pa bilu ya sitima, chikalata chomwe kampaniyo imapereka ikalandira katundu. Kuseri kwake kumalembedwa malamulo amene akugwira ntchito. Ofala kwambiri ndi a Hague a 1924 ndi a Hague-Visby, omwe ndi a Hague atakonzedwa mu 1968. Onse awiri amanena zofanana pa kudziwitsa. Ngati kuwonongeka kukuoneka ndi maso, chidziwitso cholemba chiperekedwe musanatenge katundu kapena pa nthawi yomwe mukumutenga. Ngati sikukuoneka, muli ndi masiku atatu kuchokera pomwe wakafika m'manja mwanu. Malamulo a Hamburg a 1978, omwe mayiko ena amatsatira, ndi opepukirapo: tsiku lotsatira lantchito pa zooneka, ndi masiku 15 otsatizana pa zobisika.

Apa m'pamene nkhani yathu yapindika. Ngati bilu ikunena kuti kampani ya sitima inkanyamula kuchokera padoko kufika padoko, katundu anafika m'manja mwanu pamene dalaivala wotumidwa ndi inu anatuluka naye pageti, pa 24 Epulo. Masiku atatu anatha pa 27. Pomwe mumadula siili, kachitsulo ka nambala kokhomera zitseko za kontena, pa 28, munali mutachedwa kale. Bilu ikanakhala yofikitsa katundu pakhomo panu, masikuwo akanayamba pa 28. Werengani malo olembedwa pa bilu kuti ndi pomwe katundu adzaperekedwe, ndipo muwerenge kontena isanatuluke.

Kuphonya masiku atatuwa sikupha mlandu. Malamulo a Hague amangonena kuti kutenga katundu osadandaula ndi umboni woyambirira wakuti munamulandira ali bwino monga bilu ikunenera. Umboni umenewo mungautsutse. Koma taganizani zomwe mukuyenera kutsimikiza tsopano: kuti madzi analowa kontena ili m'manja mwa kampani ya sitima, osati m'masiku 52 amene inakhala padoko, ndiponso osati m'masiku anayi a pamsewu. Kontena yotuluka msanga imasiya oganiziridwa ochepa. Yokhalitsa imapatsa aliyense mwayi woloza mnzake chala.

Chifukwa chake pepala lofunika kwambiri pa nkhani yonseyi ndi lisiti lapageti, lomwe limalembedwa kontena ikamachoka m'manja mwa a doko kupita kwa dalaivala, ndipo limasonyeza mmene kontenayo ilili. Dalaivala wotopa ndi mzere amasaina osayang'ana. Muuzeni, ndipo muuzenso ejenti wanu wa kasitomu, kuti azungulire kontena, aone zitseko ndi mipira yake, ayerekeze nambala ya siili ndi yomwe ili pa bilu, ndipo ngati n'kotheka denga lionedwe, chifukwa mabowo ambiri amakhala pamwamba pafupi ndi makona, pomwe makina onyamulira amaphonya pogwira. Chilichonse chokayikitsa chilembedwe pa lisitilo asanasaine: "denga labowoka kutsogolo kumanzere", "siili ndi ina". Mawu oti "talandira osayang'ana m'kati" okha sathandiza kwenikweni, poti sanena vuto lililonse. Siili yodulidwa kapena yosinthidwa isungidwe. Ngati a kasitomu anatsegula kontena padoko, pezani pepala losonyeza tsiku, nambala ya siili yatsopano ndi zomwe anaona m'katimo.

Kontena ikakhalitsa chonchi, ife timalangiza kuti mutumize kalata yosungira ufulu tsiku lomwelo lotuluka, ngakhale simunaone m'kati, yonena kuti kontena yakhala masiku angati padoko, zomwe zaoneka kunja kwake, ndiponso tsiku ndi malo omwe idzatsegulidwe. Kampani ina idzayankha kuti kalata yosatchula kuwonongeka si chidziwitso. Mwina n'zoona, koma inu mwawaitana kudzaona potsegula, ndipo akapanda kubwera zimawavuta kudzanena kuti sanapatsidwe mpata.

Zolemba m'kalata, ndi mawu amodzi oti muwapewe

Kalata ya pa 28 Epulo ituluke tsiku lomwelo. Musadikire kuwerengera ndalama, chifukwa malamulo amangofuna kuti munene mtundu wa kuwonongekako. Muikemo dzina la sitima ndi nambala ya ulendo, nambala ya bilu, ya kontena ndi ya siili, tsiku lotsitsa ndi tsiku lolandira. Kenako zomwe mwaona, mwachidule: makatoni pafupifupi 90 mwa 400 anyowa, kutsogolo kwa kontena, ndipo denga lili ndi bowo. Munene poyera kuti mukuika udindo wa kuwonongekaku pa kampaniyo, muwaitane kudzayendera katunduyo pamodzi ndi woyeza wa inshuwalansi pa tsiku ndi malo akutiakuti, ndipo mumalize ponena kuti chiwerengero cha ndalama chitsatira ndipo ufulu wanu wonse mwausunga. Ilembedwe m'chinenero cha bilu, m'dzina la amene ali ndi ufulu pa biluyo, ndipo musunge umboni wakuti inafika.

Ipite kwa wonyamula amene watchulidwa pa bilu komanso kwa ejenti wake padoko lotsitsira. Foni kapena uthenga kwa munthu amene mumadziwana naye ku ofesi yawo si chidziwitso. Ndipo popeza simukudziwa kuti bowolo linachitika liti, kalata yofanana ipite kwa oyendetsa doko, kwa mwini lole, ndi kwa fowada, mkhalapakati wokonza za ulendo wa katundu, ngati ndiye anakupatsani bilu yake. A doko musawaiwale. Malamulo a Hague amayambira pokweza katundu n'kuthera potsitsa, ndipo mabilu ambiri amakana udindo pa zochitika katundu atatsika. Ngati denga linabowoka kontena ikusunthidwa pabwalo la doko, wolipira angakhale a doko, omwe ali ndi malamulo awoawo, nthawi zambiri a masiku ochepa.

Mawu oti muwapewe ndi akuti "chifukwa chochedwa". Munthu wokwiya ndi milungu isanu ndi iwiri yodikira amalemba kuti katundu wake wawonongeka chifukwa kontena inakhalitsa padoko, ndipo ndi dzanja lake lomwe wapereka chifukwa chomukanira. Ndime 4.5 ya ICC, ngakhale m'gulu A lomwe limateteza zambiri, imachotsa kuwonongeka kapena ndalama zotayika chifukwa cha kuchedwa, ngakhale kuchedwako kutabwera ndi ngozi yomwe polise imateteza. Lamulo la ku Britain la inshuwalansi ya panyanja la 1906 limanenanso chimodzimodzi. Ndalama zomwe mwalipira poti kontena yachedwa kubwezedwa, lendi ya padoko, nyengo ya malonda yomwe yakudutsani, zonsezo polise ya katundu silipira. Kumbali ya sitima, malamulo a Hague alibe ndime yolunjika pa kuchedwa, ndipo mabilu ambiri amakana kulonjeza tsiku lofika. A Hamburg amalola kulipitsa pa kuchedwa, koma pokhapokha mwadziwitsa molemba m'masiku 60 otsatizana chilandirireni katundu. Apo mukaphonya ufulu watha, ndipo ngakhale mutapambana, malipiro ake sapitirira mtengo wonyamulira katundu wochedwayo kuchulukitsa kawiri ndi theka, komanso sapitirira mtengo wonse wonyamulira wa mgwirizanowo.

Sitikunena kuti mubise kuchedwako. Masiku onse alembedwe moona. Tikunena kuti mulembe zomwe maso aona, ndipo chomwe chinayambitsa chinenedwe ndi woyeza.

Woyeza amafuna kudziwa kuti madzi anachokera kuti

A inshuwalansi adziwitseni ola lomwelo. Pa setifiketi ya inshuwalansi pamakhala dzina la ejenti woti mumuimbire kudera lomwe katundu wafikira, ndipo iyeyo amatumiza woyeza. Mukangoona kunyowa, siyani kutsitsa, jambulani makatoni ali m'malo mwake, nambala ya kontena ikuoneka. Akangotsitsidwa n'kusakanizidwa, umboni wa komwe madzi anadzera wapita.

Kunyowa kumasiya zizindikiro. Makatoni onyowa motsika kuchokera pamwamba mpaka pansi pa malo amodzi amasonyeza bowo. Munthu akalowa m'kontena yopanda kanthu zitseko n'kutsekedwa, kuwala kumaoneka pabowopo. Milomo ya bowo ikakhala ndi dzimbiri lochindikala, bowolo ndi lakale, mwina kontena inaperekedwa ili kale choncho. Chitsulo chowala chimasonyeza kuti labowoka posachedwa. Mzere wa madzi wofanana msinkhu pa makatoni onse apansi umatanthauza kuti kontena inakhala m'madzi, m'sitima kapena pabwalo losefukira. Koma madontho omwazika pa makatoni onse apamwamba, denga lili lonse, ndi thukuta la kontena: chinyezi cha m'katundu ndi m'makatoni chimakwera masana kukatentha, n'kusanduka madzi padenga usiku, n'kumadontha. Kontena ikakhalitsa padzuwa zimenezi zimachuluka, ndipo apa a inshuwalansi amakonda kunena kuti vuto ndi chilengedwe cha katunduyo, kapakidwe kosakwanira, kapena kuchedwa, zomwe zonse ndime 4 ya ICC imazichotsa.

Woyeza amadonthezanso mankhwala a siliva pa madzi otsukira chidutswa cha katoni yonyowa. Akachita mbuu ngati mkaka, muli mchere, ndipo zimaloza ku madzi a m'nyanja, ngakhale pamafunika labotale kuti zitsimikizike. Yankho limeneli limakhudza mbali ziwiri. Madzi amchere amaloza ku nthawi yomwe kontena inali m'sitima, pomwe amvula angakhale a paliponse. Komanso gulu B limateteza madzi a m'nyanja yamchere, a m'nyanja ya kumtunda kapena a mumtsinje akalowa m'kontena, koma osati mvula, ndipo gulu C silitchula n'komwe kulowa kwa madzi pakokha. Mvula yolowera pabowo imalipiridwa m'gulu A.

Musabweze kontena yopanda kanthu woyeza asanaione, ngakhale ndalama zochedwera zikukwera tsiku ndi tsiku. Ikabwerera imakonzedwa kapena kutumizidwa kwina, ndipo bowo lanu silidzaonekanso. Ngati simungathe kuisunga, jambulani bowolo kunja ndi m'kati, muyeze kukula kwake, ndipo lilembedwe pa lisiti lobwezera.

Pamene mukudikira, muli ndi udindo woletsa kuti zinthu zisaipireipire. Ndime 16 ya ICC imakupatsani ntchito ziwiri: kuchita zomwe munthu wanzeru angachite kuti kuwonongeka kuchepe, ndi kusunga ufulu wonse wolipitsa onyamula ndi osunga katundu. Ndalama zoyenera zomwe mwawononga pochita zimenezi amakubwezerani. Mukajambula ndi kulankhula ndi woyeza, patulani onyowa kwa ouma, tsegulani, yanikani. Nguwi yomera poti makatoni anakhala otsekedwa sabata ina kosungira kwanu sadzailipira. Musataye kapena kugulitsa chowonongeka asanavomereze.

Tinene kuti woyeza wapeza bowo latsopano, madzi opanda mchere, ndipo makatoni 90 atsika mtengo ndi 60 pa 100 iliyonse. Katoni iliyonse inatetezedwa pa madola 110, choncho polise ya gulu A ilipira 90 kuchulukitsa 110 kuchulukitsa 0.6, omwe ndi madola 5,940, kuchotsapo gawo lomwe polise imati mudzilipirire nokha. Mudzapereka setifiketi, invoisi, mndandanda wa makatoni, bilu, malisiti apageti, lipoti la woyeza, ndi makalata aja pamodzi ndi mayankho ake.

Makalatawo amawafuna chifukwa akakulipirani amalowa m'malo mwanu n'kukalipitsa wolakwa. Ufulu umene amatenga ndi wanu womwewo, ndi zilema zake zonse. Ngati munasaina lisiti loyera pa kontena yobowoka, kapena munalandira kandalama kuchokera ku kampani ya sitima n'kusaina kuti nkhani yatha, mwawononga chomwe akanapeza, ndipo angakuchotsereni ndalama yofanana ndi zomwe ataya. Zomwe angapeze nazo zili ndi malire. M'malamulo a Hague-Visby, monga anakonzedwera mu 1979, malire ndi SDR 666.67 pa phukusi kapena SDR 2 pa kilogalamu, chomwe chili chachikulu, ndipo SDR ndi muyeso wa ndalama wa bungwe la IMF. Bilu ikalemba makatoni 400, katoni iliyonse ndi phukusi ndipo malirewo sakukhudzani. Ikangolemba kontena imodzi, mwatsala ndi makilogalamu 900 owonongeka, omwe ndi SDR 1,800 basi.

Chaka chimodzi

Masiku atatu mukawaphonya mumavutika ndi umboni. Chaka mukachiphonya palibenso chokamba. Malamulo a Hague ndi Hague-Visby amamasula wonyamula ku udindo wonse ngati mlandu sunatsegulidwe pasanathe chaka chimodzi kuchokera tsiku lomwe katundu anaperekedwa, kapena lomwe anayenera kuperekedwa. A Hamburg amapereka zaka ziwiri. Mapangano ambiri a mafowada amaika miyezi 9 yokha.

Kalata yodziwitsa siimitsa chaka chimenechi. Kalata yotchula ndalama siichiimitsa. Mayankho okoma akuti "nkhani yanu tikuiunika" sachiimitsanso, ndipo angapitirire miyezi khumi ndi umodzi. Chomwe chimachiimitsa ndi kusuma kukhothi kapena kwa oweruza apadera amene bilu yatchula, omwe nthawi zambiri amakhala m'dziko la kampani ya sitima, kapena kalata yochokera kwa wonyamula yovomera kuwonjezera nthawi mpaka tsiku lotchulidwa. Kusuma kukhothi lolakwika, kapena kusumira kampani ina yofanana dzina ndi yomwe ili pa bilu, kungathe kuwerengedwa ngati simunasume.

Kuchedwa padoko kumabweretsa mkangano wa tsiku loyambira. Inu mudzati katundu anaperekedwa pa 24 Epulo. Kampani ingatsegule bilu n'kusonyeza ndime yonena kuti katundu amatengedwa kuti waperekedwa akatsitsidwa, kapena masiku aulere osungira akatha. Makhothi a m'mayiko osiyanasiyana sagamula mofanana pa zimenezi, choncho werengani kuchokera pa tsiku loyambirira kwambiri, 3 Malichi, ndipo pemphani kuwonjezera nthawi pofika mwezi wachisanu ndi chinayi. Ngati a inshuwalansi sanakulipirenibe, udindo umenewu udakali wanu, ndipo muwafunse molemba ngati akufuna kuti mupemphe inu kapena apempha okha. Akakulipirani, auzeni tsiku lomwe chakacho chikutha pa kalata yomwe mukuwapatsira ufulu wanu. Kalata yowonjezera nthawi muiwerenge bwino: itchule bilu yoyenera, dzina la amene akupatsidwa nthawiyo, ndipo ngati ikunena kuti ikudalira chilolezo cha eni sitima, chilolezocho chifike molemba chaka chisanathe.